Chithunzi cha galu chikabwera pa foni, ndimayamba kuyang'ana mlomo

Kuno kuchigwa agalu achizungu ambiri amachokera kumtunda, makamaka ku Blantyre, ndipo masiku ano malonda ake amayambira pa foni. Wogulitsa amatumiza chithunzi, pansi pake n'kulemba dzina la mtundu, kaya German Shepherd, Rottweiler, Boerboel kapena Rhodesian Ridgeback. Wogula ali ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula amatumiza ndalama ya chikole galuyo asanamuone ndi maso, ndipo akamadzatsika naye pa Thabwa zokambirana zimakhala zitatha kale. Ine ndinagwirapo ntchito yolondera ndi agalu pa kampani ina ya zachitetezo ndisanabwerere kumudzi kudzaweta mbuzi ndi ng'ombe, n'chifukwa chake abale ndi anansi akalandira zithunzi zotere amanditumizira kuti ndiwaonereko. Zimandiwawa kuona munthu wagulitsa mbuzi zake kuti agule dzina lolembedwa pansi pa chithunzi, pamene chithunzicho chikunena zina poyera.

Ambiri akaona galu amathamangira mtundu wa ubweya. Wakuda pamsana, wofiirira m'miyendo, basi ndi Jemani Shepadi. Wakuda wa timadontho pamwamba pa maso, basi ndi Rotiwaila. Koma maonekedwe amenewa alipo ngakhale pa agalu athu achikuda omwe sanasakanizidwepo ndi galu wachizungu. Pitani pamsika wa ng'ombe tsiku lililonse, muwaona akuzungulira pamenepo, akuda pamsana, ena a timadontho pa maso. Ine ndimayamba ndi mlomo, kenako makutu, ubweya n'kumalizira. Ndikati mlomo ndikutanthauza mbali yonse ya mutu kuyambira pamaso kukafika pansonga ya mphuno. Mbali imeneyi ndi fupa. Makutu galu amawasuntha, ena amawadula, ubweya umathothoka kapena kumetedwa, koma fupa la mutu palibe amene angalisinthe.

Chithunzicho chiyenera kukhala choti n'kuwerengeka. Galu aimirire ndi miyendo yonse inayi pamalo osalala, wojambula akhale cham'mbali mwake, atalikire mapazi angapo, agwade kuti foni ifanane ndi phewa la galuyo. Chojambulidwa kuchokera pamwamba, munthu ataimirira pafupi, chimakulitsa mutu n'kufupikitsa miyendo, moti kagalu wamba kamaoneka ngati chimphona. Pali chinanso chomwe anzathu akumtunda sachiganizira kwenikweni. Kuno masana galu amakhala ali wefuwefu, kukamwa kuli yasa, lilime panja. Akamapuma chotero milomo imakokekera m'mbuyo ndipo makutu nawonso amagwera m'mbuyo, ndiye zinthu ziwiri mwa zitatu zomwe mukufuna kuona zasokonezeka. Pemphani chojambulidwa m'mamawa kusanatenthe, kukamwa kuli kotseka, wina atamuyitana chapatsogolo kuti atchere makutu. Asamukoke ndi tcheni pojambulapo, chifukwa galu wamantha amabisa makutu.

Muyeso wanga ndi wa kamtengo ka machesi. Ndimakulitsa mutu pa foni, n'kuika kamtengoko kuyambira pansonga ya mphuno kukafika pakona ya diso, n'kugwira ndi chikhadabo pamene kathera. Kenako ndimakasuntha kuyambira padiso pomwepo kukafika kumbuyo kwa mutu, pa kafupa kotukuka kamene kali kuseri kwa makutu. Funso ndi limodzi: mlomo ndi chigaza, chachitali n'chiti? Kwa Jemani Shepadi ziwirizi zimafanana. Kwa Rijibaki zimayandikananso. Kwa Rotiwaila mlomo ndi waufupi, chigaza chikakhala magawo atatu mlomo umakhala ngati magawo awiri. Kwa Bowabulu mlomo umafupikirako, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mutu wonse. Ndi kamtengo kokhako mwagawa kale agalu anayiwa pawiri, a mlomo wautali ndi a mlomo waufupi wonenepa.

Alamu anga a ku Ngabu ananditumizira chithunzi cha galu wamphongo yemwe wogulitsa ankati ndi Jemani Shepadi weniweni wa miyezi 8. Anali atabedwa mbuzi m'khola, ndipo mtima wawo unali utapita kale pa galuyo. Anandiimbira nthawi yomweyo.

"Alamu, mwamuona? Wakuda pamsana ngati aja a apolisi. Nditumize ndalama?"

"Dikirani kaye alamu," ndinatero. "Auzeni ajambulenso mawa m'mawa, galuyo ataimirira cham'mbali. Apapa wakhala pansi ndipo amujambulira pamwamba."

Chithunzi chachiwiri chitabwera ndinayamba ndi machesi aja. Utali wa mlomo unali bwino, unkafanana ndi chigaza. Koma utali wokha sukwana, pamafunikanso kuona kuzama kwake. Mlomo wa Jemani Shepadi ukauona cham'mbali umayamba wonenepa pamaso n'kumachepa pang'onopang'ono ngati chitsulo cha nkhwangwa, koma umakafika kumphuno udakali ndi mphamvu, chibwano cham'munsi chikuoneka bwino. Pamwamba pake ndi powongoka, ndipo chipumi chimatsikira kumlomo motsetsereka, popanda phompho. Wa galu uyu unali wowonda, wosongoka kunsonga, chibwano cham'munsi chopyapyala moti chinkachita kubisala. Komanso Jemani Shepadi wa ubweya wakuda ndi wofiirira kawirikawiri amakhala wakuda kumlomo. Uyu anali wofiirira mpaka kumphuno.

Ndinapita kumakutu. A Jemani Shepadi ndi aakulu, otambalala pansi, osongoka pamwamba, ndipo akatchera amaimirira njo onse awiri molingana, kukamwa kwa khutu kutaloza kutsogolo. Cham'mbali mumaona khutu lalitali loimirira pamwamba penipeni pa mutu. A galu uyu ankaimirira ndithu, koma anali aafupi, omera chapansi m'mbali mwa mutu, oloza kunja, ndipo nsonga ya khutu lakumanzere inali yopindika. Apa msinkhu ndi wofunika kwambiri. Ana a Jemani Shepadi amabadwa ndi makutu ogwa. Amayamba kudzuka pakapita milungu ingapo, nthawi zina limodzi kudzuka lina kugwa, ndipo pamene akusintha mano, pakati pa miyezi 3 ndi 6, makutu omwe anadzuka kale amatha kugwanso. Choncho khutu lopindika pa kagalu ka miyezi 4 silinena kanthu. Pa galu wa miyezi 8 ndiye kuti mwina likhala choncho mpaka kalekale. Pali a Jemani Shepadi enieni a makutu ofewa, koma amenewo makutu awo amakhalabe aakulu ndi omera pamwamba. Apa kukula kwake ndi pomera pake zonse sizinkagwirizana.

Ubweya ndinauona pomaliza, ndipo sindinkayang'ana mtundu wake koma kuchuluka kwake. Jemani Shepadi ali ndi ubweya wa mitundu iwiri, wakunja wowongoka wokhakhala ndi wamkati wofewa wothithikana. Pa chithunzi mumauzindikira poyang'ana m'mphepete mwa thupi. Khosi limaoneka lodzaza, kumbuyo kwa ntchafu kumakhala ubweya wotalikirapo, ndipo mchira ndi wa ubweya wambiri, wolendewera pansi mpaka pa mfundo ya mwendo wakumbuyo, wopindika pang'ono chabe. Galu wa alamu anali ndi ubweya waufupi womatirira pakhungu, nthiti zomaliza zikuoneka, khosi losalala, mchira woonda wopiringizika pamwamba pa msana. Thupi lake linali lofanana utali ndi msinkhu, miyendo yaitali, mimba yokwera m'mwamba, pamene Jemani Shepadi thupi lake limatalika kuposa msinkhu wake. Kupatula utali wa mlomo, chokhacho chomwe chinkafanana chinali chikuda cha pamsana chija.

Ndinawauza alamu kuti galuyo ndi wosakaniza, ndipo mbali yaikulu ndi yachikuda. Sanakondwe, ndipo ndinawamvetsa.

"Ndiye mukuti munthuyu ndi wakuba?"

"Ayi alamu, mwina nayenso anauzidwa choncho pogula make. Apempheni chithunzi cha make ndi cha bambo wake, muone."

Cha make chinabwera: galu wooneka bwino, wakuda pamsana, makutu aafupi, mchira wopiringizika ngati wa mwana wakeyo. Cha bambo wake sichinabwere, anangoti ndi galu wa oyandikana nawo nyumba. Alamu anamugulabe, koma pamtengo wa galu wosakaniza, ndipo ine ndinawalimbikitsa kutero. Kunena zoona, pakhola la mbuzi ku Ngabu galu uja ndi woyenera kuposa yemwe ankamufuna poyamba. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo galu wa ubweya wothithikana amavutika kwambiri ngati alibe mthunzi wabwino ndi madzi tsiku lonse. Nkhupakupa zimabisala muubweyamo osaoneka, ndipo ntchentche zimakonda kuluma nsonga za makutu oimirira mpaka kuchita zilonda. Mukaona pa chithunzi nsonga za makutu zili zakuda, zopanda ubweya, zokhala ngati zadyeka, nthawi zambiri ndi ntchentche zimenezo, si chibadwa cha galuyo. Jemani Shepadi wamphongo wamkulu amalemera makilogalamu 30 mpaka 40, ndiye ganiziraninso za chakudya chake m'miyezi ya njala.

Agalu a makutu ogwa ndiwo amasokoneza anthu kwambiri, chifukwa onse atatu, Rotiwaila, Bowabulu ndi Rijibaki, ali ndi makutu olendewera ndi ubweya waufupi. Rotiwaila ndiye wosavuta. Ndi wakuda thupi lonse, wokhala ndi zofiirira pamalo odziwika: kadontho pamwamba pa diso lililonse, m'masaya, m'mbali mwa mlomo, pakhosi, pachifuwa, m'miyendo chakumunsi ndi pansi pa mchira. Malire a chakuda ndi chofiirira amakhala omveka bwino. Koma monga ndanenera, madontho okhawo agalu achikuda alinso nawo, ndiye bwererani kumlomo. Wa Rotiwaila ndi waufupi kuposa chigaza, wonenepa mpaka kunsonga, ndipo chipumi chimatsikira kumlomo mwadzidzidzi moti cham'mbali mumaona kona yomveka. Khungu la mlomo wam'mwamba ndi lakuda, logwira bwino, silendewera kwambiri. Makutu ndi a makona atatu, apakatikati kukula kwake, omera pamwamba n'kugwera kutsogolo mogundana ndi tsaya. Mukaona galu wakuda wa madontho omwewo koma mlomo wautali wowonda, chipumi chosatukuka, thupi lopepuka, ameneyo si Rotiwaila. Akakhala wamtali wa khosi lalitali ndi miyendo yaitali angakhale wa mbali ya Dobamani, akakhala wamng'ono ndi wathu wa konkuno. Rotiwaila wamphongo wamkulu amafika makilogalamu 50, ndipo kulemera kumeneko kumaoneka pa kunenepa kwa mafupa a miyendo yakutsogolo.

Pamene ndimachedwapo ndi pakati pa Bowabulu ndi Rijibaki, chifukwa onse ndi ofiirira, onse amatha kukhala akuda kumlomo, ndipo ogulitsa ena amatchula galu aliyense wamkulu wofiirira kuti Bowabulu poti ndiye dzina lokwera mtengo. Bowabulu ndi galu wa m'mafamu a ku South Africa. Mutu wake ndi waukulu, wamakona, mlomo waufupi wozama, ndipo khungu la mlomo wam'mwamba ndi lonenepa, limatsika n'kuphimba chibwano cham'munsi. Cham'mbali kutsogolo kwa mlomo kumaoneka ngati kodulidwa mowongoka, osati kosongoka. Pachipumi pamachita timakwinya akatchera khutu, pansi pa khosi pali khungu lolendewera pang'ono, ndipo khosi lenilenilo ndi lalifupi lonenepa moti mutu ndi mapewa zimaoneka ngati zalumikizana. Makutu amamera motalikirana, n'kugwa mogundana ndi mutu. Ubweya ndi waufupi wosalala, wotuwira, wofiirira kapena wa mizeremizere yakuda. Ambiri amadulidwa mchira ali aang'ono, koma zimenezo musazitenge ngati umboni, chifukwa mchira aliyense akhoza kudula.

Rijibaki ndi wothamanga, ndipo thupi lake limanena zomwezo. Mlomo ndi wautali wozama, khungu lake logwira osalendewera, khosi lalitali loyera bwino popanda khungu lotsalira, chifuwa chozama koma chosatambalala kwambiri, miyendo yaitali. Makutu ndi otambalala pamwamba, n'kumachepa mpaka kunsonga yozungulira. Wamphongo amalemera pafupifupi makilogalamu 36, pamene Bowabulu wamphongo amapitirira 60 mosavuta. Malamulo ofotokoza maonekedwe a mtundu umenewu analembedwa ku Bulawayo m'chaka cha 1922, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi mzere wa ubweya wa pamsana womwe umamera molozera kumutu pamene ubweya wina wonse ukulozera kumchira. Mzerewo umayambira kuseri kwa mapewa, pomwe pamakhala tizungulire tiwiri ta ubweya mbali iyi ndi iyi, n'kumachepa mpaka chakuchiuno. Vuto ndi lakuti chithunzi cham'mbali, chomwe chimathandiza pa zina zonse, chimabisa mzere umenewu. Nthawi zina mumangoona kamdima pamwamba pa msana. Wina akakuuzani kuti ndi Rijibaki, pemphani chithunzi china chojambulidwa kuchokera pamwamba. Ndipo musasokoneze mzerewu ndi ubweya womwe galu aliyense amaimiritsa pamsana akakwiya. Umenewo umagonanso mtima ukatsika, pamene mzere wa Rijibaki umakhalapo ngakhale ali m'tulo, ndipo umaoneka kuyambira tsiku lobadwa.

Mnzanga wina wa ku Nchalo anandionetsa chithunzi cha galu wamkazi yemwe ankatsatsidwa ngati Bowabulu. Mtundu wa ubweya unali womwewo, kumlomo kwakuda, mchira wodula. Machesi anaonetsa kuti mlomo ukufanana ndi chigaza, khungu la mlomo linali logwira, khosi lalitali. Titapempha chithunzi cha pamsana, mzere unalipo, ngakhale unali waufupi komanso wokhota. Anali wosakaniza wa mbali ya Rijibaki yemwe wina anamudula mchira. Mnzangayo ankafuna galu wolemera wokhala pageti, ndiye anamusiya.

Pa makutu pali chinyengo china choyenera kuchidziwa. Mukaona galu wa mlomo waufupi wonenepa, masaya otukuka, koma makutu aafupi oimirira osongoka, nthawi zambiri makutuwo anadulidwa. Amakonda kutero ndi agalu a mtundu wa Pitibulu, omwe makutu awo achibadwa amadzuka pang'ono n'kupindikira kutsogolo kapena m'mbali. Kulitsani chithunzi muyang'ane m'mphepete mwa khutu. Lachibadwa limapyapyala pang'onopang'ono ndipo lili ndi ubweya mpaka kumapeto, lodulidwa m'mphepete mwake ndi mokhuthala, mowongoka kwambiri, nthawi zina muli zipsera. Ine kudula makutu ndimadana nako, ndi kuzunza chiweto popanda phindu, ndipo kuno kotentha bala lotere limachedwa kupola chifukwa cha ntchentche. Pa galu wotero makutu asiyeni, muweruze ndi mlomo ndi ubweya.

Njira yonseyi imagwira bwino pa galu yemwe wapitirira miyezi 6. Pa tiana ta milungu 6 kapena 8, tomwe ndi timene timagulitsidwa kwambiri, siigwira. Pamsinkhu umenewo pafupifupi kagalu kalikonse kali ndi mlomo waufupi, mutu wozungulira, makutu ogwa ndi ubweya wofewa. Ana a Jemani Shepadi amabadwa akuda kwambiri, zofiirira zili m'miyendo ndi kumaso kokha, moti munthu akhoza kuwayesa a Rotiwaila, ndipo chofiiriracho chimafalikira akamakula. Kagalu kachikuda kodya bwino nakonso kamaoneka kamutu waukulu. Apa musavutike n'kuyeza kamwanako. Yezani make, ndipo chithunzicho chikhale choti make ali limodzi ndi anawo, mawere akuoneka kuti akuyamwitsa, chifukwa chithunzi cha galu wamkulu ali yekha munthu akhoza kuchitenga paliponse. Bambo wake naye aoneke. Wogulitsa amene ali ndi agalu ake enieni sakana zimenezi.

Ngakhale mlomo, makutu ndi ubweya zitagwirizana zonse, chomwe munganene ndi chakuti galuyu akufanana ndi mtundu wakutiwakuti. Mwana wa Bowabulu ndi wosakaniza akhoza kutengera bambo wake kwambiri moti chithunzi sichingamugwire, kusakanizako n'kudzaonekera mwa ana ake. Ngati mukugula kuti alondere, zimenezo sizikuvutani. Ngati mukugula kuti mudzaberetse n'kumagulitsa ana, chithunzi sichikwana, pitani mukaone makolo onse awiri ndi maso. Chithunzi sichikuuzaninso ngati galuyo ndi wolusa, wamantha kapena wodwala m'chiuno, vuto lomwe limapezeka kwambiri mwa agalu akuluakuluwa. Pemphani kavidiyo kakafupi akuyenda ndi kuthamanga, muone ngati sakutsimphina kapena kudumpha ndi miyendo yonse iwiri yakumbuyo nthawi imodzi. Pamodzi ndi kavidiyoko ajambulenso khadi la katemera, muone deti la katemera wa chiwewe, yemwe galu amayamba kulandira akakwana miyezi 3, ndipo galuyo akafika mupite nalo khadilo kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu akalione.